Kuphikiratu Chakudya cha Mlungu Wonse ndi Kulemba Makalori pa Kontena Iliyonse

Nambala imene mumalemba pa kontena siichokera mu kontenayo, imachokera ku poto. Mukayeza chilichonse chisanalowe m'poto, n'kuyezanso potoyo chakudya chitapsa, masamu otsalawo ndi kugawa basi. Mukayamba ndi kuphika n'kumati muyeza pambuyo, mudzalemba manambala a m'mutu, ndipo ndi bwino kusiya kontena yopanda cholemba kusiyana n'kumatapo bodza.

Chifukwa chake ndi madzi. Mpunga ndi nyemba zimamwa madzi n'kulemera kwambiri, pomwe nyama imataya madzi n'kupepuka. Madziwo alibe makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi. Choncho mphamvu zimene zinali mu mpunga wouma zimakhala zomwezo mpunga ukapsa, kungoti zamwazikana m'chakudya cholemera kuwirikiza pafupifupi katatu. Magalamu 100 a mpunga wosaphika ali ndi makalori pafupifupi 360, koma magalamu 100 a mpunga wophika ali ndi pafupifupi 130. Amene wasokoneza ziwirizi walakwitsa mlungu wonse.

M'munsimu tiphika chakudya cha munthu mmodzi wapantchito: makontena khumi, asanu a masana ndi asanu a madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. A masana mukhala mpunga, nkhuku ndi mpiru wotendera. A madzulo mukhala nyemba, mbatata ndi mazira. Chakudya cham'mawa tachisiya dala, chifukwa phala kapena tiyi ndi buledi sizidya nthawi.

1. Konzani zida, ndipo yezani mapoto ali opanda kanthu

Chida chimene simungachite popanda icho ndi sikelo ya kukhitchini ya batire, yowerenga galamu imodzi imodzi mpaka makilogalamu 5. Kapu ndi supuni zimanamiza, chifukwa kapu ya ufa wotsendera ndi ya ufa wongowaza sizilemera mofanana. Pa sikelo pali batani lolembedwa TARE. Mukaika mbale n'kudina batanilo, sikelo imabwerera pa 0, ndiye mumayeza chakudya chokha popanda mbale.

Mufunikanso makontena khumi okhala ndi zivindikiro zogwira bwino, tepi ya pepala ija amagwiritsa ntchito opaka penti, cholembera chosafufutika ndi madzi, ndi kope. Makontena athyathyathya ndi abwino kuposa akuya chifukwa chakudya chimazizira msanga. Ngati kuntchito mumatenthetsa mu mayikulowevu, onani pansi pa kontena ngati inapangidwira zimenezo. Mabigiri ndi makontena a majarini amapindika ndi kutentha.

Musanayatse moto, yezani poto aliyense ali wopanda kanthu, wopandanso chivindikiro, ndipo lembani kulemera kwake m'kope. Mukaiwala, mudzafunika kukhuthulira ndiwo zotentha m'beseni kuti muziyeze, ndipo mafuta ena adzatsalira m'mbali mwa poto. Izi mumachita kamodzi kokha, manambalawo muzigwiritsa ntchito mlungu uliwonse.

2. Pezani manambala a chakudya chosaphika

Pa kontena timalemba zinthu zinayi: makalori, kenako magalamu a mapuloteni, a makabohaidireti ndi a mafuta. Zitatu zomalizazi ndi zimene zimapereka makaloriwo. Galamu imodzi ya mapuloteni imapereka makalori 4, ya makabohaidireti 4, ya mafuta 9. Sungani manambala atatuwa, tidzawagwiritsa ntchito pogwira zolakwika.

Chakudya cha m'paketi chimabwera ndi manambala ake kumbuyo. Werengani mzere wa magalamu 100, osati wa gawo la munthu mmodzi, chifukwa gawolo amaliganizira ndi opanga. Mapaketi ambiri ochokera ku South Africa amalemba mphamvu mu kJ. Gawani nambalayo ndi 4.2 kuti mupeze makalori: kJ 1500 ndi makalori pafupifupi 357. Za kumsika zopanda paketi muzipeza mu Malawian Food Composition Table ya 2019, kapena pa FoodData Central ya boma la America. Kulikonse kumene mwayang'ana, sankhani mzere wolembedwa raw, kutanthauza chosaphika.

Pa magalamu 100 a chakudya chosaphika, manambala amene tigwiritse ntchito ndi awa, titawazunguliza:

- Mpunga woyera: makalori 360, mapuloteni 7, makabohaidireti 80, mafuta 1
- Chidale cha nkhuku chopanda khungu ndi fupa: makalori 120, mapuloteni 23, makabohaidireti 0, mafuta 3
- Nyemba zouma: makalori 335, mapuloteni 22, makabohaidireti 60, mafuta 1
- Mbatata yosenda: makalori 86, mapuloteni 1.6, makabohaidireti 20, mafuta 0
- Nsinjiro: makalori 570, mapuloteni 26, makabohaidireti 16, mafuta 49
- Mafuta ophikira: makalori 900, onse ndi mafuta
- Mpiru: makalori 27, anyezi: 40, tomato: 18

Mabuku amasiyana pang'ono, ndipo mpunga wa kilombero sungafanane ndendende ndi umene anayeza ku America. Kusiyana kwa makalori asanu kapena khumi kusakudetseni nkhawa. Chofunika n'kusankha gwero limodzi n'kukhala nalo, kuti mlungu uno ndi wamawa muziyerekeza zinthu zofanana.

3. Loweruka usiku ndi Lamulungu: dongosolo la moto

Viikani nyemba zouma zokwana magalamu 400 Loweruka usiku, koma muziyeze musanaziviike. Zikagona m'madzi zimalemera pafupifupi kawiri, ndipo mukaziyeza m'mawa mudzawerenga madzi ngati nyemba.

Lamulungu yambani ndi nyembazo popeza zimatenga nthawi yaitali. Tayani madzi oviikira, thirani atsopano, ndipo zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Nyemba zofiira zosapsa bwino zimatsegula m'mimba. Nyemba zili pamoto, dulani nkhuku, anyezi ndi tomato, muziyeza chilichonse mutachotsa makoko ndi zotaya. Kenako ikani nkhuku, mbatata ndi mazira, mpiru. Mpunga ukhale womaliza, chifukwa ndi umene sufuna kudikira ukapsa.

Lamulo la tsikuli ndi limodzi: palibe chimene chilowe m'poto chisanadutse pa sikelo n'kulembedwa m'kope. Mchere, tsabola, adyo ndi madzi musavutike nazo. Mafuta ndiwo musawaphonye. Njira yosavuta n'kuika botolo la mafuta pa sikelo, kudina TARE, kuthira m'poto, n'kubwezera botolo pa sikelo. Nambala yokhala ndi kamzere kutsogolo imene ikuoneka ndiyo mafuta amene mwathira. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta imalemera magalamu pafupifupi 14 ndipo ili ndi makalori oposa pang'ono 120, kuposa anyezi awiri aakulu.

4. Werengani poto yense: chitsanzo cha nkhuku

M'poto wa nkhuku mwalowa chidale cha magalamu 800, mafuta magalamu 40, anyezi 200 ndi tomato 400. Pa chinthu chilichonse, chulukitsani kulemera kwake ndi nambala ya pa magalamu 100, n'kugawa ndi 100.

Nkhuku ipereka makalori 960, mapuloteni 184 ndi mafuta 24. Mafuta ophikira apereka makalori 360 ndi mafuta 40. Anyezi apereka makalori 80, mapuloteni 2 ndi makabohaidireti 18. Tomato apereka makalori 72, mapuloteni 4 ndi makabohaidireti 16. Mukaphatikiza, poto yense ali ndi makalori 1472, mapuloteni 190, makabohaidireti 34 ndi mafuta 64.

Amene amakonda kugwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets pafoni angaike kulemera mu B ndi makalori a pa magalamu 100 mu C, kenako kulemba mzere woyambawu mu D2 n'kuukopera mpaka D5, ndipo wachiwiriwo mu D6:

```
=B2*C2/100
=SUM(D2:D5)
```

Koma kope ndi kakyuleta ya pafoni n'zokwanira.

Nkhuku ikapsa, ikani kathabwa kapena mbale pa sikelo kuti isapse, dinani TARE, n'kuikapo poto. Tinene kuti sikelo yawerenga magalamu 2150 ndipo poto wopanda kanthu anali 900. Ndiwo zake ndi magalamu 1250. Kontena iliyonse mwa asanu ilandira magalamu 250, ndipo manambala a poto yense tiwagawa ndi 5: makalori 294, mapuloteni 38, makabohaidireti 7, mafuta 13.

Apa pali msampha umene ambiri amagwamo. Magalamu 250 a nthuli zokhazokha ndi magalamu 250 a msuzi wokhawokha si chakudya chimodzi. Mapuloteni ali mu nyama, mafuta akuyandama pa msuzi. Mukamangotunga ndi chipande, kontena yoyamba imatenga nyama yambiri ndi mafuta apamwamba, yomaliza imatsala ndi tomato. Ndiye vuulani nthuli zonse muike m'mbale, muziyeze pazokha. Chidale chimataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake chikapsa, choncho pa magalamu 800 mupeza pafupifupi 600, kutanthauza 120 pa kontena. Msuzi wotsala, magalamu 650, muutakase bwino nthawi iliyonse musanatunge, ndipo kontena iliyonse ilandire 130.

Lembaninso m'kope makalori a pa magalamu 100 a ndiwo zophikazi: 1472 kugawa ndi 1250, kuchulukitsa ndi 100, tipeza 118. Nambala imeneyi imapulumutsa m'nyumba ya anthu ambiri. Mwana akapempha ndiwo, kapena inu mukafuna kulawa kwenikweni, muzitapa poto atayezedwa kale, ndipo zotsalazo zikhalabe ndi makalori 118 pa magalamu 100. Wina akatapa musanayeze, masamu onse a potoyo afa, chifukwa mudzagawa makalori a nkhuku imene ili kale m'mimba mwa wina.

Nanga nkhuku yathunthu ya kumsika, ya khungu ndi mafupa? Manambala a m'mabuku amanena za gawo lodyedwa lokha, ndiye kuyeza nkhuku ndi mafupa ake kumakweza mapuloteni papepala. Khungu nalo limasintha zinthu kwambiri: nyama ya nkhuku ya khungu ili ndi makalori pafupifupi 215 pa magalamu 100, moti magalamu 800 angakhale 1720 m'malo mwa 960. Ngati mukufuna nambala yodalirika, chotsani khungu ndi mafupa nyama ili yaiwisi, muyeze mnofu wokha. Mafupawo muphike msuzi wa tsiku lomwelo, asatayike.

5. Mpunga, mpiru, ndi cholemba choyamba

Mpunga wosaphika magalamu 400 uli ndi makalori 1440, mapuloteni 28, makabohaidireti 320 ndi mafuta 4. Ukapsa ulemera pafupifupi magalamu 1100, malinga ndi madzi amene mwathira. Kontena iliyonse ilandira magalamu 220: makalori 288, mapuloteni 6, makabohaidireti 64, mafuta 1. Ngati mumakonda kuthira mafuta kapena majarini mu mpunga, ayezeni n'kuwaphatikiza. Makoko otsalira pansi pa poto musawawerengere, ndi ochepa, pokhapokha mpunga utapserera kwambiri.

Mpiru wotendera ndi wophunzitsa. Mpiru wa magalamu 500 uli ndi makalori 135 okha. Nsinjiro za magalamu 50, zimene sizidzaza ngakhale kapu, zili ndi 285. Tomato wa magalamu 100 awonjezera 18. Poto yense ali ndi makalori 438, ndipo oposa theka achokera ku nsinjiro. Izi sizikutanthauza kuti musiye kutendera, nsinjiro zimabweretsa mapuloteni komanso kukoma. Zikungotanthauza kuti dzanja lothira nsinjiro lizidutsa pa sikelo ngati la mafuta lija. Gawo la kontena imodzi ndi makalori 88, mapuloteni 6, makabohaidireti 7, mafuta 5.

Tsopano phatikizani magawo atatuwo. Makalori: 294 ndi 288 ndi 88, zikwana 670. Mapuloteni 50, makabohaidireti 78, mafuta 19. Pa tepi lembani mwachidule motere:

Mpunga, nkhuku, mpiru. Makalori 670. Pul 50, Kab 78, Maf 19. Kenako tsiku limene mwaphika, ndi tsiku loti mudye.

Musalembe 669.6 kapena 37.9. Sikelo yanu, mtundu wa nkhuku ndi mabuku omwe ali ndi kusiyana koposa pamenepo, ndiye timadontho tija n'kudzinamiza. Matani tepi m'mbali mwa kontena, osati pa chivindikiro, chifukwa zivindikiro zimasinthana potsuka. Matani kontena ikadali youma. Ikalowa mufiriza n'kuchita thukuta, tepi siigwiranso.

Musanapitirire, yesani ngati masamu anu ali bwino. Chulukitsani mapuloteni ndi 4, makabohaidireti ndi 4, mafuta ndi 9: 200 ndi 312 ndi 171, zikwana 683. Pa tepi talemba 670. Kusiyana kochepa chonchi n'kwachibadwa, kumabwera ndi kuzunguliza manambala komanso ndi zakudya za ulusi wambiri ngati masamba, zimene makabohaidireti ake ena thupi siligaya. Koma mukapeza kusiyana kwa makalori 100 kapena kuposa, bwererani ku kope. Kawirikawiri mwaiwala kuphatikiza mafuta, kapena mwawerenga kJ ngati makalori. Cholakwika chimodzi mayesowa sangachigwire: kugwiritsa ntchito manambala a mpunga wosaphika pa mpunga wophika. Chimenecho mudzachidziwa poona kukula kwa nambala, chifukwa magalamu 220 aja adzaoneka ngati makalori 792. Gawo la mpunga la munthu mmodzi likafika pamenepo, pali chalakwika.

6. Makontena a madzulo

Njira ndi yomweyo, ndiye tidutsa mofulumira. Nyemba magalamu 400, mafuta 30, anyezi 100 ndi tomato 300 zipereka makalori 1704, mapuloteni 92, makabohaidireti 261 ndi mafuta 34. Tikagawa ndi 5 tipeza makalori 341, mapuloteni 18, makabohaidireti 52, mafuta 7. Nyembazo zikalemera magalamu 1500 mutachotsa kulemera kwa poto, gawo ndi 300. Mbatata yosenda kilogalamu imodzi ipereka makalori 172 pa kontena, mapuloteni 3 ndi makabohaidireti 40.

Kontena ya nyemba ndi mbatata zokha ili ndi makalori 513, mapuloteni 21, makabohaidireti 92, mafuta 7. Mukaiika pambali pa ya masana, mukuona nokha kuti mapuloteni atsika kuchoka pa 50 kufika pa 21. Ambirife timaziwerenga nyemba ngati ndiwo zomanga thupi, ndipo n'zoona, koma makabohaidireti ake ndi ochuluka kuwirikiza pafupifupi katatu mapuloteni ake. Kuwonjezera nyemba kuti mukweze mapuloteni kumakwezanso makalori msanga. N'chifukwa chake tawiritsa mazira khumi. Dzira lalikulu limodzi lili ndi makalori pafupifupi 72, mapuloteni 6 ndi mafuta 5, ndiye awiri afikitsa chakudyacho pa makalori 657, mapuloteni 33 ndi mafuta 17. Mazirawo musawaike m'kontena yopita mufiriza, choyera cha dzira chimalimba n'kutuluka madzi chikaundana. Asungeni m'furiji ndi makoko awo, amatha mlungu. Pa tepi lembani nambala ya mazira omwe, n'kuwonjezera mawu akuti "ndi mazira 2" kuti musaiwale kuwatenga.

Soya wa m'paketi nayenso amakweza mapuloteni pa mtengo wochepa. Muyezeni wouma ndipo mutenge manambala a pa paketiyo, chifukwa mitundu yake imasiyana.

Funso la nsima silingalephere. Ine sindilimbikitsa kuiphikiratu ya masiku asanu: imauma, imanyenyeka, ndipo yatsopano siitenga mphindi 20. Ikani ndiwo zokha m'kontena, nsima muziphika tsiku lomwelo, n'kuiwerenga kuchokera ku ufa. Ufa wa chimanga, woyera kapena mgaiwa, uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Yezani mbale ya ufa musanayambe kuphika, muyezenso mukamaliza, kusiyana kwake ndi ufa umene walowa m'poto. Mukagwiritsa ntchito magalamu 300 n'kuomola mitanda isanu yofanana, uliwonse uli ndi makalori 216. Mukachita izi kangapo ndi chipande chomwecho, mtanda wa pakhomo panu mwaudziwa.

7. Kuziziritsa ndi kusunga

Apa m'pamene dongosolo la mlungu wonse limatha kudwalitsa munthu, ndipo manambala okongola a pa tepi sathandiza kanthu. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri chisanalowe m'furiji. Kukatentha kuposa madigiri 32, monga m'mwezi wa Okutobala kapena ku Chikwawa ndi Nsanje, nthawiyo ndi ola limodzi. Poto wa nyemba wovindikira amakhala wofunda maola ambiri, ndipo kufunda kumeneko n'kumene tizilombo timaswana. Choncho gawirani m'makontena chakudya chikadali chotentha, musavindikire mpaka nthunzi itachepa, kenako lowetsani m'furiji mosasanjikiza kuti mphepo yozizira izidutsa pakati. Furiji ikhale pa madigiri 5 kapena kutsika.

Mpunga ndi umene umafuna changu kwambiri. Muli kachilombo kotchedwa Bacillus cereus kamene mbewu zake sizifa ndi kuphika. Mpunga ukakhala wofunda nthawi yaitali, kamaswana n'kutulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa, ndipo munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa atadya. Mpunga wotere sununkha ndipo suoneka wowonongeka. Uyaleni pa thireyi kuti uzizire mkati mwa ola limodzi.

Chakudya chophika chimakhala m'furiji masiku atatu kapena anayi basi. Chophika Lamulungu sichingafike Lachisanu m'furiji mokha. Pa mpunga, malangizo a ku Britain ndi okhwima kwambiri, amati tsiku limodzi lokha. Ndiwo zotendera nazonso tonse tikudziwa kuti zimasasa msanga. Ndiye gawani motere: pa makontena a mpunga, ya Lolemba yokha ikhale m'furiji, ina inayi mufiriza. Pa a nyemba, ya Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu m'furiji, iwiri yotsalayo mufiriza. Usiku uliwonse tsitsani ya mawa kuchoka mufiriza kupita m'furiji kuti isungunukire mozizira, osati pa tebulo. Siyani kampata pamwamba pa kontena ya msuzi, chifukwa madzi akaundana amafufuma n'kukankha chivindikiro.

Potenthetsa, chakudya chitenthe mpaka pakati, nthunzi izituluka paliponse mukatakasa. Tenthetsani kamodzi kokha, chotsala mutaye. Ngati kuntchito kulibe furiji, tengani kontena ikadali youndana m'kachikwama kosunga kuzizira.

Magetsi akazima, musamatsegule chitseko. Furiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi. Firiza yodzaza imatha maola pafupifupi 48, yodzaza theka 24, ndipo mabotolo a madzi oundana oikidwa m'mipata amathandiza. Ngati kwanuko magetsi amazima maola ambiri tsiku lililonse, ikani makontena onse mufiriza kupatula odya mawa. Kontena imene yasungunukiratu n'kufunda musaiwumitsenso, ndipo musadalire mphuno.

Kwa amene alibe furiji, kuphikiratu kwa masiku asanu n'kosatheka, koma kuwerengeratu n'kotheka. Lamulungu yezani zouma m'timapepala ta tsiku lililonse: mpunga magalamu 80, nyemba 80, nsinjiro 10, mafuta m'kabotolo. Lembani manambala pa kapepala kalikonse, n'kumaphika tsiku ndi tsiku.

8. Kusintha manambala mlungu wotsatira

Makontena awiri a tsiku limodzi akwana makalori 1327 ndi mapuloteni 83. Si chakudya cha tsiku lonse chimenecho. Pakufunikabe cham'mawa ndi zipatso. Nambala ya 2000 imene imalembedwa pa mapaketi ndi yongoyerekezera, munthu wonyamula matumba ndi munthu wokhala pa desiki safuna zofanana. Odwala shuga kapena impso, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa atenge manambala awo kuchipatala, ndipo ana asaikidwe pa dongosolo lochepetsa chakudya.

Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi. Kutsitsa mpunga wophika kuchoka pa magalamu 220 kufika pa 150 kumachotsa makalori pafupifupi 90 popanda kukhudza kwenikweni mapuloteni. Kuti mukweze, onjezerani mpunga kapena mbatata mwa njira yomweyo. Ndipo ngati mwakhala mukudya zolembedwa kwa milungu ingapo koma thupi silikuyenda monga mumayembekezera, musayambe mwakayikira mabuku. Yang'anani kaye botolo la mafuta. Munthu amene wathira magalamu 100 ndi maso koma walemba 40 wabisa makalori 540 m'poto mmodzi, 108 pa kontena iliyonse. Yang'ananinso zimene sizilowa m'kontena: shuga wa mu tiyi, mandasi a pa geti, zakumwa za Loweruka.

Sungani tsamba la mlungu uno. Mukadzaphikanso nkhuku ndi miyeso yomweyo, manambala a poto yense sasintha, ndipo gawo limodzi mwa asanu lidzakhalabe makalori 294. Chimene chidzasinthe ndi kulemera kwa ndiwo zikapsa, malinga ndi madzi amene aphwa tsikulo, ndiye poto muzimuyezabe ulendo uliwonse musanagawe.